Musanalipire ndalama yolowera: mmene mungadziwire piramidi yobisala m'dzina la kampani

Fodya akayamba kugulitsidwa ku Chinkhoma, soya ndi mtedza zikakwera pa sikelo, ndalama zimayenda m'Kasungu muno. Nyengo yomweyi ndi imenenso masemina a "mwayi wa bizinesi" amachuluka, ena m'maholo a pa boma, ena m'kalasi Loweruka masana, ena pa gulu la WhatsApp. Wokuitanani sakhala mlendo. Amakhala mlamu wanu, mphunzitsi mnzanu, kapena mayi amene mumaimba naye kwaya, ndipo nthawi zambiri iyeyo amakhulupirira ndi mtima wonse zimene akukuuzani. N'chifukwa chake kuyang'ana nkhope ya munthu sikuthandiza. Choyenera kuyang'ana ndi kayendedwe ka ndalama.

Piramidi ndi dongosolo limene ndalama yolipira amene analowa kale imachokera m'thumba la amene akulowa kumene. Masiku ano siibwera poyera. Imabwera ndi setifiketi ya boma, ofesi, mabokosi a katundu ndi tebulo la mabonasi. Zinthu zitatu zimenezi, mapepala, katundu ndi malipiro, ndi zimene tiziunika chimodzichimodzi, kenako tionanso njira imene ndalama ikudutsa.

Kuti tisamalankhule za m'malere, tiyeni tikhale ndi kampani yongoyerekeza. Ziwerengero zake ndazipeka kuti masamu aoneke bwino, koma kapangidwe kake mukazindikira mukakumana nako. Kulowa ndi K150,000. Mukalipira amakupatsani phakeji: mabokosi anayi a tiyi wa zitsamba, mabotolo awiri a makapisozi ndi sopo zisanu ndi imodzi. Mukabweretsa munthu mumalandira K30,000. Munthu wanuyo akabweretsa wake, inu mumalandira K10,000, ndipo pa mzere wachitatu mumalandira K5,000. Kuti akaunti yanu isagone, mwezi uliwonse muyenera kugula katundu wa K40,000.

Choyamba: werengani mapepala, musangowaona

Pa semina amakweza pepala la m'felemu n'kunena kuti, "Ife ndife olembetsedwa ndi boma." Pemphani kuti mulijambule ndi foni. Kampani yeniyeni siikana, chifukwa pepalalo si chinsinsi. Akakana kapena akayamba kukufunsani chifukwa chimene simukuwakhulupirira, mwadziwa kale china chake.

Mukafika kunyumba werengani mwachifatse. Pepala limene amakonda kuonetsa limakhala ndi mutu wakuti Certificate of Incorporation, lochokera ku ofesi ya boma yolembetsa makampani, imene ambiri timaidziwa kuti kwa Registrar General. Limaperekedwa potsatira lamulo la makampani la 2013. Limanena zinthu zochepa: dzina la kampani, nambala yake ndi tsiku limene inalembetsedwa. Silinena kuti boma lafufuza bizinesiyo n'kupeza kuti ndi yabwino, ndipo silinena kuti ndalama yanu ndi yotetezedwa. Lili ngati chitupa cha unzika: chimatsimikiza kuti munthuyo alipo ndipo dzina lake ndi limenelo, koma ngakhale wakuba ali nacho chake. Chimodzimodzi nambala ya msonkho ya TPIN yochokera ku MRA, ndi laisensi ya khonsolo ya Kasungu yolola munthu kutsegula malo a malonda. Onsewa ndi mapepala enieni, koma palibe limodzi mwa iwo limene limayankha funso lakuti ndalama za mabonasi zikuchokera kuti.

Pa pepalalo onani zinthu zitatu. Dzina lifanane chilembo ndi chilembo ndi dzina la pa chikwangwani, pa risiti ndi pa akaunti imene akukuuzani kuti mulipireko. Kusiyana kwa liwu limodzi n'kokwanira kuti akhale makampani awiri osiyana, ndipo pali anthu amene amabwereka setifiketi ya kampani ina yosadziwa kanthu. Tsiku lolembetsera ligwirizane ndi mbiri imene akukamba. Ngati akuti akhala akulipira anthu kwa zaka khumi pamene pepala ndi la chaka chatha, funsani kuti zaka zinazo anali kuti. Chachitatu ndi dziko. Ambiri amati likulu lawo lili kunja n'kuonetsa setifiketi ya dziko lina, koma kampani ya kunja imene ikuchita malonda m'Malawi imayenera kulembetsanso kuno. Popanda zimenezo, tsiku la mavuto simudzakhala ndi munthu womusumira.

Ngati ndalama imene mukufuna kuikamo ndi yambiri, ku ofesi yolembetsa makampani mungapemphe kuti akufufuzireni kampaniyo, pamalipiro, kuti mudziwe eni ake, oiyendetsa ndi keyala yake.

Pepala lofunika kwambiri ndi limene sakonda kulitchula. Kampani iliyonse imene ikulandira ndalama za anthu kuti izisunge, izibwereketse kapena izichulukitse imafunika chilolezo cha woyang'anira mabungwe a zachuma. Pansi pa lamulo la ntchito za zachuma la 2010, udindo umenewu uli ndi Gavanala wa Reserve Bank of Malawi. Mabanki, ma SACCO, mabungwe a ngongole zing'onozing'ono, a inshuwalansi ndi oyendetsa ndalama za anthu pa msika wa masheya onse amadutsa kumeneko, ndipo banki yaikuluyi imasindikiza mayina a amene ali ndi chilolezo. Choncho mukangomva mawu akuti "ikani ndalama, izikuberekerani", funsani kuti, "Bambo, chilolezo cha Reserve Bank chili kuti?" Kenako mukatsimikize nokha ku bankiyo, osati pa chithunzi chimene iwo akutumizirani.

Yankho lawo limakhala lakuti, "Ife si banki, timagulitsa katundu." Chabwino. Ndiye kuti nkhani yasamukira pa katunduyo, ndipo tiyenera kumuyesa. Dziwaninso kuti lamulo loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda limaletsa malonda a piramidi, kaya kampaniyo ndi yolembetsedwa kaya ayi, ndipo bungwe la Competition and Fair Trading Commission ndi limene limalandira madandaulo otere.

Ofesi yokongola isakusokonezeni. Ku Albania makampani amene anagwa mu 1997 ndi ndalama za anthu ochuluka zedi ankagwira ntchito poyera, ena ali ndi mabizinesi ooneka ndi maso, ndipo kugwa kwawo kunadzetsa chipolowe m'dziko lonse.

Chachiwiri: tengani katunduyo mupite naye kumsika

Funso la pano ndi limodzi. Kodi munthu amene sali membala, amene sakufuna bonasi iliyonse, angagule katundu ameneyu pa mtengo umenewu?

Kampani yathu ikuti phakeji ija ndi ya K180,000: tiyi K25,000 bokosi limodzi, makapisozi K25,000 botolo, sopo K5,000 imodzi. Pa bolodi zimaoneka ngati mwapindula K30,000 tsiku lolowa lomwelo. Koma mtengo umenewo anaulemba ndi iwo eni. Mtengo weniweni ndi umene munthu wa pamsewu angatulutse m'thumba.

Chitani izi musanalipire. Lembani dzina la chinthu chilichonse ndi kulemera kwake, magalamu kapena chiwerengero cha m'bokosi. Lowani m'masitolo atatu a pa boma ndi mufamase imodzi, mufunse mtengo wa chinthu chofanana nacho. Kenako funsani wogulitsa mmodzi kuti, "Achimwene, nditakubweretserani tiyi uyu, mungamuode pa zingati?" Wamalonda sakunamizani pa nkhani ya ndalama yake. Tiyerekeze kuti mwapeza kuti katundu yense wa m'phakeji, pa mitengo ya zinthu zofanana naye, ndi wa K25,000. Ndiye kuti pa K150,000 yanu, K125,000 simunagulire tiyi. Mwagulira chilolezo chokopa anthu ena.

Apa amakuuzani kuti katundu wawo ndi wapadera, sangafanane ndi wa m'sitolo. Yesani njira ina. Pemphani kugula bokosi limodzi la tiyi osalowa umembala, ndipo onani mmene nkhope zisinthire. Wogulitsa weniweni amasangalala ndi kasitomala. Wa piramidi amayamba kukuuzani kuti mukutaya mwayi, kuti anzeru sagula chabe, amalowa. Funsaninso amene wakuitananiyo kuti, "Alamu, mwezi wathawu mwagulitsa mabokosi angati kwa anthu amene si mamembala?" Musafunse mwachipongwe, ingofunsani, ndipo mudikire nambala. Ngati yankho ndi nkhani yaitali yopanda nambala, kapena mukaona makatoni ataunjikana kuchipinda kwawo, dziwani kuti ogula katunduyo ndi mamembala okhaokha, ndipo akumugula chifukwa chokakamizidwa ndi lamulo la K40,000 pamwezi.

Onaninso chikuto. Pakhale dzina ndi keyala ya wopanga, tsiku lothera mphamvu, ndi zimene zili m'katimo. Zakudya ndi sopo zimayang'aniridwa ndi Malawi Bureau of Standards, pamene mankhwala amayenera kulembetsedwa ku Pharmacy and Medicines Regulatory Authority. Botolo limodzi likamachiza shuga, kuthamanga kwa magazi, kusabereka ndi khansa nthawi imodzi, limenelo ndi bodza, ndipo ndi bodza loopsa kuposa kutaya ndalama, chifukwa pali anthu amene amasiya mankhwala a kuchipatala atamva zotere. Aliyense amene ali pa ma ARV kapena pa mankhwala a shuga asasiye chifukwa cha zonena za pa semina.

Funso lomaliza pa katundu ndi la kubweza. Mukalephera kugulitsa, kodi kampani imalandira katundu wosatsegula n'kukubwezerani ndalama? Zikhale zolembedwa, ndi masiku ake ndi gawo la ndalama limene amabweza. Kampani imene ikukhulupirira kuti katundu wake ali ndi msika siopa kumulandiranso.

Pali mtundu wina umene ulibe n'katundu yemwe. Mumaika apu pa foni, mumagula "mulingo", ndiye tsiku lililonse mumadina zithunzi kapena kuonera mavidiyo, nambala n'kumakwera pa sikirini. Pamenepo palibe choti mupite nacho kumsika. Dumphani mupite pa masamu.

Chachitatu: khalani pansi ndi pepala ndi cholembera

Apa ndi pamene nkhani yonse imathera, ndipo mpofunika kudekha. Pemphani tebulo la malipiro lolembedwa. Mukalilandira, jambulani mzere pakati pa pepala lanu. Kumanzere lembani ndalama iliyonse imene mungapeze pogulitsa katundu kwa munthu wakunja. Kumanja lembani iliyonse imene imabwera pokhapokha wina akalowa kapena membala akagula mokakamizidwa. Mayina asakusokonezeni. Kaya akuti bonasi yoitana, bonasi ya mwendo wakumanzere ndi wakumanja, mapointi, kapena udindo wa siliva ndi golide, funso ndi lomwelo: kuti ndalama iyi ifike kwa ine, ndani ayenera kulipira? Pa kampani yathu, K30,000, K10,000 ndi K5,000 zonse zigwera kumanja. Kumanzere kwatsala phindu la tiyi amene taona kale kuti sagulika pa mtengo wawo.

Tsopano gawani K150,000 ya munthu mmodzi. Katundu watenga K25,000. Mabonasi a anthu atatu a pamwamba pake atenga K45,000. Yotsala ndi K80,000, ndipo imeneyo ikupita kwa eni kampani. Anthu 100 a ku Santhe, Chamama ndi Nkhamenya akalowa, asonkha K15,000,000. Abwezeredwa katundu wa K2,500,000 ndi mabonasi osaposa K4,500,000. Ndalama yokwana K8,000,000 yachoka pakati pawo ndipo siidzabwerera. Ngakhale atalimbikira chotani, gulu lonse pamodzi lataya, chifukwa palibe ndalama ina imene ikulowa kuchokera kunja. Kulimbikira kwa mmodzi kumangosintha amene ataye kwambiri.

Kenako dzifunseni kuti mufunika anthu angati kuti ndalama yanu ibwerere. K150,000 kugawa ndi K30,000 ndi anthu asanu. Zikumveka zotheka. Ndani alibe abale asanu? Koma asanuwo aliyense afunanso ake asanu, ndiye 25. Mzere wachitatu ndi 125, wachinayi 625, wachisanu 3,125. Mukapitiriza kuchulukitsa ndi 5, mzere wa 8 ukufuna anthu 390,625 ndipo wa 9 ukufuna 1,953,125. Pa kalembera wa 2018 boma lonse la Kasungu, kuwerenga ndi makanda omwe, silinafike anthu 1 miliyoni. Mzere wa 11 ukufuna anthu oposa 48 miliyoni, pamene Malawi yense pa kalembera yemweyo anali ndi anthu pafupifupi 17.5 miliyoni. Ndipo si onse amene ali ndi K150,000 yoti ataye, choncho unyolo umaduka kale kwambiri usanafike kumeneko.

Chimene ambiri sachiona ndi ichi. Pa nthawi iliyonse imene unyolo ungadukire, mzere wa pansi ndi umene uli ndi anthu ochuluka. Taonani ukadukira pa mzere wachinayi. Mwini 1, kuphatikiza 5, 25, 125 ndi 625, onse pamodzi ndi 781. Mwa amenewa, 625 sanabweretse munthu ngakhale mmodzi. Amenewo ndi anthu 8 mwa 10 alionse. Ukadukira pa mzere wachisanu ndi chimodzi, gawo lake ndi lomwelo. Si tsoka, si ulesi, ndi mmene chinthucho chinapangidwira. Ndipo semina ikafika kwanu ku Chulu kapena ku Wimbe, itadutsa kale ku Lilongwe ndi pa boma, mukhoza kudziwa mzere umene akukuikani.

Tiyeni titsatire munthu mmodzi, mphunzitsi wongoyerekeza amene walowa ndipo wachita khama kwa miyezi isanu ndi umodzi. Walipira K150,000 yolowera, K240,000 ya katundu wa mwezi ndi mwezi, ndi K30,000 ya mabando ndi kabaza popita kumasemina. Zonse ndi K420,000. Wabweretsa anthu atatu, walandira K90,000. Mmodzi wa iwo wabweretsa awiri, walandirapo K20,000. Tinene kuti pa zogula za anthu akewo, asanatope n'kusiya, wapezapo K15,000, ndipo wagulitsa katundu wa K35,000 kwa anzake omumvera chisoni. Zolowa zonse ndi K160,000. Wataya K260,000, chikhalirecho pa gulu la WhatsApp amamuombera m'manja ngati mmodzi wa ochita bwino, chifukwa zithunzi za mauthenga a K30,000 anazitumiza pagulu, pamene za K40,000 zotuluka mwezi uliwonse palibe amene amazijambula. Atatu amene anawabweretsa ndi mchemwali wake, mlamu wake ndi mnzake wa kuntchito, ndipo adzakumana nawo pa maliro ndi pa ukwati moyo wake wonse.

N'chifukwa chake umboni wakuti "ine ndalandira kale" suyenera kukugwetsani mphwayi zofufuza. Kulipira anthu oyamba ndi mbali ya dongosololo, ndiye nyambo yake. Charles Ponzi ku Boston mu 1920 ankalonjeza phindu la 50 peresenti pa masiku 45, ndipo oyamba ankawalipiradi, ndi ndalama za obwera pambuyo, mpaka zinamuthera chaka chomwecho. Piramidi ina yotchedwa MMM inkalonjeza 30 peresenti pamwezi ndipo anthu ambiri ku Nigeria analandira, kufikira mu Disembala 2016 pamene maakaunti anaimitsidwa. Wokuuzani kuti walandira mufunseni funso lachiwiri: "Mwaikamo zingati zonse pamodzi, ndipo mwatulutsa zingati zimene mwazigwira m'manja?" Nambala ya pa sikirini si ndalama.

Ngati mulibe nthawi ya masamu onsewa, funsani funso limodzi pa semina pomwepo, mwaulemu, anthu akumva: "Bwana, zitati zachitika kuti kuyambira lero palibe munthu wina wolowa, ife amene tili kale m'katimu tizilipidwa ndi ndalama yochokera kuti?" Kampani yogulitsa katundu weniweni iyankha kuti kwa makasitomala, ndipo ikuonetsani ziwerengero za malonda. Piramidi iyankha kuti anthu sangathe, kapena kuti muli ndi maganizo aumphawi.

Mwina wina anganene kuti nanga banki m'khonde ndi chipereganyu si zomwezo? Ayi. Pa chipereganyu anthu khumi akamasonkha K20,000 pamwezi, aliyense amalandira K200,000 pa nthawi yake, ndipo akamaliza kuzungulira aliyense walandira zimene anasonkha, popanda kufuna munthu wa 11. Pa banki m'khonde phindu limachokera ku chiwongoladzanja cha ngongole zimene mamembala atenga, ndipo zonse zili m'kaundula amene aliyense angamuone. Magulu amenewa ali ndi mavuto awo, wina amathawa ndi ngongole, koma safa chifukwa chosowa olowa atsopano. Ejenti wa mbewu kapena wa Airtel Money ndi Mpamba nayenso amalandira komishoni, koma pa malonda amene kasitomala wachita, osati pa kulemba maejenti anzake. Ngakhale pakati pa makampani ogulitsa kudzera mwa mamembala, muyeso ndi womwewo: mbali yaikulu ya ndalama ichokere kwa ogula akunja, ndalama yolowera ikhale yochepa, ndipo katundu wotsala azibwezedwa.

Chachinayi: onani njira imene ndalama ikudutsa

Ili ndi gawo lachidule koma limagwira ambiri. Mukamatumiza ndalama pa foni kapena ku banki, werengani dzina la wolandira musanatsimikize. Ngati ndi dzina la munthu pamene setifiketi inali ya kampani, imani. Ngati nambala yolipirira imasintha sabata ndi sabata, kapena akuti mupereke ndalama m'manja kwa mtsogoleri wa gulu iye akakulowetsani yekha m'kompyuta, imani. Risiti ikhale ndi dzina la kampani, tsiku, ndalama ndi chimene mwagula. Mgwirizano muuwerengere kunyumba, osati pa mpando wa m'holo nyimbo zikulira. Mawu akuti "malo atsala atatu" ndi "mtengo ukwera mawa" cholinga chake n'chakuti musapeze usiku umodzi woganiza, ndipo bizinesi imene singadikire sabata imodzi kuti mufunse ku Reserve Bank ndi yofunika kuisiya. PIN yanu ndi chithunzi cha chitupa chanu musapereke kwa munthu wa pa semina.

Poti ndalama yake yachokera kuti, pamenepanso mpofunika kusamala. Wokuuzani kuti mukatenge katapila, mugulitse ng'ombe, kapena mugwiritse ntchito ndalama ya feteleza poti "ibwerera mvula isanagwe" akudziwa kuti iye alandira K30,000 yake tsiku lomwelo, zanu zikavuta kapena zikayenda.

Kukana m'bale n'kovuta kuposa masamu. Simufunika kumutcha wakuba, poti mwina nayenso wangogwamo. Munganene kuti, "Alamu, ndawerengera ndapeza kuti ndalama yanga ingabwerere pokhapokha nditalowetsa anthu asanu, ndipo ine sindingathe kuwayang'ana m'maso zikadzavuta. Tiyi ngati ndi wabwino ndigula bokosi limodzi pa mtengo wa kumsika." Kenako muonetseni pepala lanu la masamu, awerengere yekha ndi ziwerengero zake.

Ngati mwalowa kale

Zizindikiro zakuti chinthu chayamba kugwa zimafanana. Ndalama zimachedwa kutuluka ndipo amati makina akukonzedwa. Malire a ndalama yochepetsetsa imene mungatape amakwezedwa. Mabonasi amasanduka mapointi ogulira katundu yemweyo. Pamabwera "pulomoshoni" yaikulu yofuna kuti muwonjezere msanga. Ofunsa mafunso amachotsedwa pa gulu, kapena gulu limatsekedwa kuti azilemba ndi atsogoleri okha. Choopsa kwambiri ndi uthenga wakuti mulipire "msonkho" kapena "ndalama yotsegulira akaunti" kuti mulandire zanu. Musalipire. Imeneyo ndi ndalama yomaliza imene akufuna kukudyerani asanatseke.

Siyani kuikamo ndalama lero, ndipo musalowetse munthu wina pofuna kubweza zanu, chifukwa pamenepo mumachoka pa woberedwa n'kukhala wothandiza kuba, ndipo amene mwawalowetsa adzalondola inu, osati eni kampani. Auzeni anthu anu zimene mwapeza. Sungani umboni gulu lisanafufutidwe: mauthenga a ndalama okhala ndi nambala zake, marisiti, chithunzi cha setifiketi, tebulo la malipiro, manambala ndi mayina amene munatumizako ndalama, ndi mauthenga a malonjezo. Lembani kalata yopempha kuti akubwezereni ndalama ndi kulandira katundu wosatsegula, musunge kope lake.

Kenako kadandauleni ku polisi ya Kasungu, amene angatumize nkhaniyo ku nthambi yawo yofufuza milandu ya zachuma, ndiponso ku Competition and Fair Trading Commission. Ngati ankalandira ndalama molonjeza kuti zibereka, dziwitsaninso Reserve Bank of Malawi. Ngati munalipira pa foni, imbirani kampani ya foniyo msanga ndi nambala za mauthengawo. Ndalama zambiri zotere sizibwerera, makamaka zikatuluka m'dziko, ndipo mwayi umene ulipo umadalira kufulumira. Pitani pamodzi ndi anzanu amene mwataya nawo, aliyense atalemba pa pepala tsiku, ndalama ndi nambala imene anatumizako. Ndipo wina akadzakuimbirani kuti angakuthandizeni kubweza ndalama zanu mukamupatsa kaye kangachepe, dulani foniyo, chifukwa mayina a anthu otaya ndalama amayenda m'manja mwa akuba omwewo.